Yankho la mkonzi: 99 pa 100 si umboni woti chida chopimira TB ndi chabwino

Pali mawu amene afala pakati pa anthu, ngakhale ophunzira bwino. Akuti kupima chifuwa chachikulu m'midzi ndi kuopseza anthu chabe, chifukwa ambiri mwa amene amauzidwa kuti akuganiziridwa TB akapereka makhololo amapezeka kuti alibe. Onenawo amapitiriza kuti chida chabwino ndi cholondola ka 99 pa 100, ndipo china chilichonse nchotaya. Mbali yoyambayo ndi yoona: ambiri amapezekadi alibe. Koma chigamulo chimene akumangapo ncholakwika, ndipo chikatsatidwa chikhoza kusiya odwala kunyumba akutsokomola pakati pa ana awo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, si a boma lililonse. Tinene kuti tapima anthu 10,000, ndipo mwa iwo 100 ali ndi TB. Mu 2014 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidanena kuti chida chosankhira anthu oti akayezedwe mozama chizigwira odwala osachepera 90 pa 100 alionse, ndipo chizimasula osachepera 70 mwa 100 alionse amene alibe matendawa. Chida chongofika pa muyezo umenewo chingatipatse izi:

| | Ali ndi TB | Alibe TB |
|---|---|---|
| Chida chati "akayezedwe" | 90 (TP) | 2,970 (FP) |
| Chida chati "alibe" | 10 (FN) | 6,930 (TN) |

Tebulo la zipinda zinayi limeneli akatswiri amalitcha konfyuzhoni metiriki. Mizere yopingasa ndi zimene chida chanena, yotsika ndi zoona zake za munthuyo. Zipinda ziwiri, cha 90 ndi cha 6,930, ndi pamene chida chalondola. Ziwiri zotsalazo ndi zolakwa, koma si zolakwa zofanana. Anthu 2,970 aja avutitsidwa pachabe. Anthu 10 aja auzidwa kuti ali bwino pamene akudwala.

Tikaphatikiza zipinda ziwiri zolondola tipeza 7,020 mwa 10,000, kutanthauza 70 pa 100. Otsutsa aja aimba m'manja kuti mwaonatu. Koma taonani chida chimene iwo akufuna. Tiyerekeze chida chosamala kwambiri, chimene sichiloza munthu pokhapokha matenda ataonekeratu. Chaloza anthu 80 okha: 40 odwaladi ndi 40 athanzi. Odwala 60 chawaphonya, athanzi 9,860 chawamasula. Phatikizani 40 ndi 9,860 mupeza 9,900. Ndiye 99 pa 100 ija, ndipo odwala oposa theka abwerera kwawo opanda mankhwala. Choseketsa nchoti munthu atangokhala pa mpando nkumauza aliyense kuti "mulibe", osapima nkomwe, nayenso angalondole ka 99 pa 100, popeza odwala ndi mmodzi yekha pa 100. Nambala imene ingapezedwe ndi munthu wosagwira ntchito siyenera kutsogolera chisankho cha zaumoyo.

Nchifukwa chake tebuloli limafunsidwa mafunso awiri osiyana. Loyamba: mwa odwala onse, chida chagwira angati? Yankho lake ndi rikolo, imene a zachipatala amaitcha sensitiviti. Lachiwiri: mwa onse amene chida chaloza, odwaladi ndi angati? Iyi ndi pulesishoni.

```
rikolo      = TP / (TP + FN)
pulesishoni = TP / (TP + FP)
```

Chida choyamba chili ndi rikolo ya 90 pa 100, koma pulesishoni yake ndi 90 mwa 3,060, pafupifupi 3 pa 100. Chachiwiri chili ndi pulesishoni ya 50 pa 100, rikolo yake 40 pa 100 basi. Kawirikawiri ukakweza imodzi inayo imatsika, monga ukonde wa maso aang'ono umene sutaya usipa koma umakoka ndi zinyalala zomwe. Wazaumoyo akamafunsa za chifuwa chimene chatha masabata awiri chokha, aloza anthu ochepa ndipo aphonya ambiri. Akamatumiza aliyense wotsokomola, wotentha thupi, wotuluka thukuta usiku kapena woonda, mzere wa makhololo utalika, koma ophonyedwa achepa.

Tsono tisankhe iti? Funsani chimene chimachitikira munthu m'chipinda chilichonse cha zolakwa. Wolozedwa pachabe samuyambitsa mankhwala. Amapereka makhololo, makina a GeneXpert amawayeza, ndipo cholakwacho chimakonzedwa. Wophonyedwa alibe womukonzera. Wauzidwa kuti ali bwino, choncho chifuwa chikakula achedwa kubwerera, mapapo akuwonongeka, akupumira m'nyumba imodzi ndi abale ake. Pa sitepe yoyamba, pamene kutsogolo kuli kuyeza kwina kotsimikiza, rikolo ndiyo iyenera kutsogola. Ntchito ya sitepeyi si kugamula kuti munthu akudwala, koma kuchepetsa gulu la 10,000 kufika pa 3,060 popanda kutaya odwala ambiri.

Sitikunena kuti anthu 2,970 aja ndi nkhani yaing'ono. M'chitsanzo chathu pafunika kuyeza makhololo a anthu 34 kuti tipeze wodwala mmodzi. Kuyeza kulikonse kumadya ndalama ndi nthawi ya wa mulabu. Kwa munthu wakumudzi pali ya thiransipoti, tsiku la kumunda lotayika, ndi nkhawa ya masiku odikira zotsatira. Labu ikakhala kuti singathe kuyeza onsewo, makhololo amaunjikana, ena mwa olozedwa safika nkomwe, ndipo rikolo yokongola ya papepala imasanduka yabodza. Apa mpamene otsutsa akadaika mphamvu zawo. Njira yake si kutseka maso koma kuwonjezera sitepe, monga ekisireyi ya m'chifuwa, kapena kupima kumene matenda achuluka.

Mfundo yomalizayi ambiri saidziwa: pulesishoni si khalidwe la chida chokha, imadaliranso kumene mwachiika. Chida choyamba chija mutachigwiritsa ntchito pa gulu limene 10 pa 100 alionse akudwala, mwa anthu 10,000 chingagwire odwala 900 ndi athanzi 2,700. Pulesishoni yakwera kuchoka pa 3 kufika pa 25 pa 100, chida osachikhudza. Ichi nchifukwa chake malangizo a WHO amatchula magulu monga a m'nyumba ya wodwala TB, amene ali ndi kachirombo ka HIV, akaidi ndi ogwira ntchito m'migodi.

Pulesishoni ili ndi nthawi yake, ndipo pamenepo sitingainyengerere. Munthu asanayambe mankhwala a TB a miyezi 6, tiyenera kutsimikiza. Nkhani ya HIV ikuonetsa izi bwino: mu 2019 WHO idalangiza maiko kuti munthu aziuzidwa kuti ali ndi kachirombo pokhapokha zida zitatu zotsatizana zitagwirizana, chifukwa oyezedwa amene ali nako akamachepa, zolakwa zoloza athanzi zimalemera kwambiri. Kuika munthu pa mankhwala a moyo wonse pachabe si cholakwa chokonzeka ndi ulendo umodzi wa kulabu.

Choncho wina akakuuzani kuti chida chake ncholondola ka 99 pa 100, mupempheni zipinda zonse zinayi, ndipo muyambe kuona cha odwala amene chawaphonya. Ndipo inu amene mwauzidwa kuti mukapereke makhololo, pitani mukapereke. Mwayi waukulu ngwoti mulibe, koma ndi labu yokha imene ingakuuzeni.